Fomula Yotichenjeza Katundu Akatsika Kupyola Mlingo Wake

Zikomo Bambo,

Popeza tsopano fayilo ya Excel ya stoko ili m'manja mwanu, ndati ndikulembereni mmene kolamu H imagwirira ntchito, ija imalemba mawu oti ODANI pambali pa katundu amene watsala pang'ono. Ntchito ya fomula ya m'kolamu imeneyi ndi imodzi basi: imatenga nambala ya katundu wotsala, n'kuiyerekeza ndi nambala imene ife tinaika kuti katunduyo asatsike kuipyola. Siona pa shelefu ndipo sidziwa kuti wotigulitsa wachedwa. Imangokhulupirira manambala awiri amene yapatsidwa. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya kalatayi ikunena za manambala awiriwo, ndiponso za mmene mungadziwire kuti fomula yakhala chete pamene imayenera kulankhula.

Choyamba: dziwani makolamu

Tsegulani shiti yotchedwa `Stoko`. Mzere woyamba ndi wa mitu, katundu akuyambira pa mzere 2, ndipo mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mzere wakewake. Kolamu A ndi khodi ya katundu, B ndi dzina lake. C ndi zimene tinawerenga pa shelefu tsiku loyamba la mwezi. D ndi zonse zolowa, E ndi zonse zotuluka, ndipo ziwirizi simulemba pamanja, zimachokera ku mashiti a `Zolowa` ndi `Zotuluka`. F ndi zotsala:

```
=C2+D2-E2
```

G ndi mlingo wotsikitsitsa wa katundu ameneyo, H ndi chenjezo, I ndi katundu amene taoda koma sanafike, J ndi tsiku limene tinaoda. Pa shiti imeneyi inu muzilemba mu C, G, I ndi J mokha, kuwonjezera pa khodi ndi dzina pamene tabweretsa katundu watsopano. Zina zonse ndi mafomula.

Chachiwiri: mtima wa fomula

Tisanafike pa fomula yaitali imene ili mu H, yambani mwamvetsa iyi, chifukwa inayo ndi yomweyi, yangovekedwa zotetezera:

```
=IF(F2<G2,"ODANI","ZILIPO")
```

`IF` imafuna zinthu zitatu, zolekanitsidwa ndi chizindikiro cha `,`. Choyamba ndi funso: kodi F2 ndi yochepa kuposa G2? Chachiwiri ndi mawu oti alembedwe yankho likakhala inde. Chachitatu ndi mawu oti alembedwe yankho likakhala ayi. Mawu aliwonse amene mukufuna kuti aoneke pa sikirini ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri za `"`. Mukaziiwala, Excel imayesa kuti ODANI ndi dzina la chinthu chimene sikuchidziwa, ndipo imalemba `#NAME?`.

Tengani mababu pa mzere 2. Poyamba mwezi analipo 120, talandira ena 60, tagulitsa 141. Zotsala ndi 39. Mlingo wake ndi 42. Kodi 39 ndi yochepa kuposa 42? Inde, choncho H2 ikulemba ODANI. Tikadagulitsa 130, zotsala zikadakhala 50, ndipo ikadalemba ZILIPO.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangosiya selo yopanda kanthu katundu akakhala wokwanira, kuti shiti izioneka yoyera. Ambiri amatero, koma ine sindifuna. Selo yopanda kanthu ingatanthauze kuti katundu alipo, ingatanthauzenso kuti pa mzere umenewo palibe fomula n'komwe, ndipo ndi maso simungasiyanitse ziwirizi. Mawu oti ZILIPO ndi umboni wakuti fomula yaona mzerewo n'kuuweruza.

Samalani ndi pamene manambala afanana. Chizindikiro cha `<` chimatanthauza kuchepa kwenikweni, ndiye mababu akakhala 42 ndendende fomula inena kuti ZILIPO, chenjezo liyamba pa 41. Pa katundu woyenda msanga kusiyana kumeneku n'kwa babu limodzi, si nkhani. Pomwe kumapweteka ndi pa katundu amene timasunga mmodzimmodzi, monga mawilibala. Mukaika mlingo wa 1, chenjezo lidzabwera pokhapokha atatha onse, chifukwa nambala yochepa kuposa 1 ndi 0 basi. Musasinthe chizindikiro pa mzere umenewo kuti chikhale `<=`. Mzere umodzi ukakhala ndi fomula yosiyana ndi inzake, tsiku lina wina adzakopera fomula kuchokera pamwamba n'kufafaniza kusinthako osadziwa. M'malo mwake kwezani mlingo: ngati mukufuna chenjezo pamene yatsala wilibala imodzi, lembani 2 mu G. Lamulo lake n'lakuti G ndi nambala yaing'ono kwambiri imene tikadali nayo omasuka.

Chachitatu: nambala ya mu G imachokera kuti

Apa ndi pamene ndikufuna mutaye nthawi, chifukwa fomula yabwino yokhala ndi mlingo wongoganizira ilibe phindu. Mlingo si nambala imodzi ya katundu yense, monga kungoika 10 paliponse. Mababu 10 satifikitsa ngakhale mkuja, pamene maloko akuluakulu 10 angakhale pa shelefu miyezi.

Pezani manambala atatu. Yoyamba ndi kuchuluka kwa zimene timagulitsa pa tsiku. Tengani zotuluka za miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, mugawe ndi masiku amene shopu inali yotsegula. Masiku amene katunduyo anali atatha pa shelefu musawawerengere, chifukwa tsiku limenelo sitinagulitse kamba kosowa katundu, osati kosowa ogula, ndipo mukawaphatikiza nambala ituluka yotsika kuposa zenizeni. Tinene kuti mababu atuluka 6 pa tsiku.

Yachiwiri ndi masiku amene amapita kuchokera pamene taoda kufika pamene katundu ali pa shelefu. Musatenge masiku amene wotigulitsa amalonjeza pakamwa. Yang'anani tsiku la oda ndi tsiku lolandirira pa maoda angapo apitawa, mutenge zimene zimachitikadi. Tinene kuti ndi masiku 5 amene shopu imakhala yotsegula. Ndiye kuti podikira katundu tigulitsa mababu 30.

Yachitatu ndi yapadera yodzitetezera, ngati galimoto yachedwa kapena kwabwera wogula wotenga zambiri nthawi imodzi. Pa wotigulitsa wodalirika ndimaika malonda a masiku awiri, amene pa mababu ndi 12. Pa wochedwachedwa ikani a masiku anayi kapena asanu. Mukaphatikiza 30 ndi 12 mupeza 42 uja ali mu G2.

Pali chinthu china chimene anthu amachiiwala. Kuwerengera kumeneku kukutengera kuti wina akuyang'ana kolamu H tsiku lililonse. Ngati fayilo imatsegulidwa kamodzi pa sabata, mababu atha kukhala 43 lero, fomula n'kunena kuti ZILIPO, koma pofika tsiku lotsegulanso patapita masiku 6 ogulitsa, atsala 7 okha, ndipo oda ikufunabe masiku 5. Chenjezo likadayaka pa nthawi yake, kungoti panalibe wolowetsa zotuluka n'kuliona. Choncho chonde lowetsani zotuluka madzulo aliwonse ndipo muyang'ane H musanatseke fayilo. Zikakhala kuti sizitheka, mundiuze, tiwonjezere pa mlingo malonda a masiku onse amene fayilo imakhala yosatsegulidwa.

Mlingo umakalamba. Katundu akayamba kuyenda kwambiri, kapena tikasintha wotigulitsa, 42 uja satanthauzanso kanthu. Muziuwerengeranso miyezi itatu iliyonse, kuyambira ndi katundu amene amatuluka kwambiri.

Chachinayi: mmene fomula yaifupi ija imanamira

Fomula yaifupi ija ili ndi mabowo atatu, ndipo onse ndi oopsa chifukwa salemba chizindikiro chilichonse cha vuto. Mzere umangooneka bwinobwino.

Loyamba ndi selo ya G yosalembedwa. Mwawonjezera katundu watsopano, mlingo mwati mudzaika mawa. Excel imatenga selo yopanda kanthu ngati 0 poyerekeza ndi nambala. Funso limasanduka lakuti kodi zotsala n'zochepa kuposa 0, ndipo ngakhale katundu atatheratu yankho ndi ayi. Mzerewo udzalemba ZILIPO mpaka kalekale.

Lachiwiri ndi nambala imene kompyuta ikuiona ngati mawu. Izi zimachitika mukakopera manambala kuchokera mu uthenga wa pafoni kapena mu fayilo ya makina ena, mukalemba `'42` ndi kachizindikiro kutsogolo, kapena selo ikakhala kuti inaikidwa pa `Text` kale. M'maso mwanu ndi 42, koma poyerekeza, Excel imaika mawu aliwonse pamwamba pa nambala iliyonse. Ndiye G ikakhala mawu, zotsala zilizonse, ngakhale 500, zimaoneka zochepa, ndipo mzere umalemba ODANI osaleka. Zikatembenuka, kuti wina walemba pamanja mu F nambala yokhala ngati mawu, mzerewo sudzachenjezanso ngakhale patatsala 1. Kuizindikira n'kosavuta: nambala yeniyeni imakhala kumanja kwa selo, mawu amakhala kumanzere, ngati palibe amene wasintha kakhalidwe ka seloyo. Kawirikawiri pamakhalanso kachizindikiro kobiriwira pa ngodya yakumwamba kumanzere. Mukakayika, lembani `=ISNUMBER(G2)` mu selo ina yopanda ntchito. Ikayankha `FALSE`, si nambala. Pokonza selo imodzi, dinani kachizindikiro kachenjezo kamene kamaoneka pambali pake n'kusankha `Convert to Number`. Ikakhala kolamu yonse, isankheni, muiike pa `General`, mupite ku `Data`, kenako `Text to Columns`, n'kudina `Finish`.

Lachitatu ndi zotsala zopita pansi pa 0. Shelefu singakhale ndi mababu -8. Mukaona nambala yotere, ndiye kuti pali katundu wolowa amene sanalembedwe, kapena zotuluka zalembedwa kawiri. Fomula yaifupi ingangolemba ODANI, ife n'kuthamangira kuoda katundu amene mwina ali mbwee m'stoo.

Chachisanu: fomula imene ili mu H

Nayi yonse, monga ilili mu H2:

```
=IF(A2="","",IF(COUNT(F2,G2)<2,"ONANI",IF(F2<0,"ONANI",IF(F2>=G2,"ZILIPO",IF(F2+I2>=G2,"ZIKUBWERA","ODANI")))))
```

Isakuopseni ndi kutalika. Ndi mafunso asanu ondondozana, ndipo fomula imaima pa funso loyamba limene yankho lake ndi inde, otsalawo siiwafunsanso.

Imayamba yafunsa ngati mzerewo uli ndi khodi. Ngati A ilibe kanthu, mzerewo ndi wosagwiritsidwa ntchito, ndipo H imakhala yopanda kanthu. Awa ndi malo okhawo amene selo yopanda kanthu ndi yololedwa.

Kenako `COUNT(F2,G2)` imawerenga kuti mwa maselo awiriwa, angati ali ndi nambala zenizeni. `COUNT` siwerenga selo yopanda kanthu, siwerenga mawu ooneka ngati nambala, siwerenganso selo yolemba `#VALUE!`. Ikapeza zosakwana ziwiri, fomula imalemba ONANI, kutanthauza kuti sindingaweruze mzere uwu, munthu abwere aone. Kachidutswa kameneka ndi kamene katseka mabowo awiri oyamba aja nthawi imodzi, ndipo pa fomula yonseyi ndi kamene ndimakadalira kwambiri. Funso lachitatu likugwira zotsala zopita pansi pa 0, nazonso zilandira ONANI.

Funso lachinayi ndi lija la fomula yaifupi, kungoti lafunsidwa chotembenuza: ngati zotsala zafika pa mlingo kapena kuposa, ZILIPO. Tanthauzo silinasinthe, 42 ndi wokwanira, 41 ayi.

Lomaliza likuteteza kuoda kawiri. Tikaoda lero, shelefu siidzadza lero, ndiye popanda funso limeneli H ingapitirize kulemba ODANI masiku onse 5, ndipo amene sanamve kuti taoda kale angaodenso. Choncho fomula imaphatikiza zotsala ndi zimene zili m'njira. Zikafika pa mlingo, imalemba ZIKUBWERA. Zikapanda kufika, kaya chifukwa sitinaode kapena taoda zochepa, imalemba ODANI.

Titsatire mababu aja mpaka kumapeto. Lero atsala 39, I2 ilibe kanthu, H2 ikuti ODANI. Ine ndimafuna tikaoda tifike cha pa 150, ndiye akufunika 111. Amabwera m'makatoni a 12, ndipo makatoni 9 ndi 108, osakwana, choncho tioda makatoni 10, omwe ndi mababu 120. Inu lembani 120 mu I2 ndi tsiku la lero mu J2. Pompo H2 isintha n'kukhala ZIKUBWERA, chifukwa 39 kuphatikiza 120 ndi 159. Pakapita masiku 5 tidzakhala titagulitsa pafupifupi 30, pa shelefu patatsala 9. Katundu akafika, muwerengeni, lembani 120 pa shiti ya `Zolowa`, F2 ikwera kufika 129, kenako fufutani I2 ndi J2. Kufufutaku musakuiwale. 120 akatsalira mu I2, mwezi wamawa mababu akadzatsikanso fomula idzayesa kuti oda ili m'njira, ndipo idzalemba ZIKUBWERA pamene palibe chikubwera. Pofufuta gwiritsani batani la `Delete`, osati kudina mpata, chifukwa mpata ndi mawu kwa Excel ndipo ukatsala mu I, fomula idzalemba `#VALUE!` tsiku limene katunduyo adzatsike. Akabweretsa 72 okha mwa 120, lembani 72 pa `Zolowa`, mu I2 musiye 48.

Malire a ZIKUBWERA muwadziwe. Fomula sidziwa kuti katunduyo afika liti. Wotigulitsa akachedwa sabata ziwiri, mababu adzatheratu H2 ikulembabe ZIKUBWERA. Ntchito ya J ndi imeneyo: mzere uliwonse wa ZIKUBWERA muziyang'ana tsiku lake, ndipo likapitirira masiku amene timadikira nthawi zonse, mundiimbire.

Chachisanu ndi chimodzi: kuikopera pansi ndi kuipaka mtundu

Dinani H2, gwirani kabokosi kakang'ono kali pa ngodya yake yapansi kumanja, mukokere pansi mpaka mzere 500, ngakhale katundu wathu sanafike pamenepo. Mizere yopanda khodi idzakhala yoyera, ndipo katundu watsopano adzapeza fomula ikumudikira. Chitani chimodzimodzi ndi D, E ndi F. Mukatha, dinani H37 kapena mzere wina uliwonse wapakati, muone ngati fomula ikunena `F37` ndi `G37`. Ikakhala ikunena `$G$2`, ndiye kuti wina anaika zizindikiro za `$`, ndipo katundu yense akuyerekezedwa ndi mlingo wa mababu. Mu fomula ya H musakhale `$` ngakhale mmodzi.

Pa kompyuta zina fomula imakanidwa mukangodina `Enter`. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti kompyutayo inakonzedwa kuti izilekanitsa zigawo za fomula ndi `;` m'malo mwa `,`. Sinthani zonse, igwira. Chifukwa china ndi zizindikiro za `"` zopindika zimene zimabwera mukakopera fomula kuchokera mu Word kapena pafoni. Zifufuteni, muzilembenso pa kiyibodi.

Kuti mzere wonse uzifiira, sankhani kuyambira A2 mpaka J500, mupite ku `Home`, `Conditional Formatting`, `New Rule`, musankhe `Use a formula to determine which cells to format`, mulembe izi, kenako musankhe mtundu wofiira pa `Format`:

```
=$H2="ODANI"
```

Pano `$` akufunika, koma kutsogolo kwa H kokha, osati kwa 2. Akutanthauza kuti selo iliyonse ya mzerewo iziyang'ana ku kolamu H, koma pa mzere wake womwe. Mukalemba `$H$2`, shiti yonse idzafiira kapena kuyera potengera mababu okha. Bwerezani ndi ONANI, mtundu wachikasu. Mtunduwo ungotithandiza kuona msanga, woweruza ndi kolamu H.

Chachisanu ndi chiwiri: pamene fomula ili bwino koma F ikunama

ONANI imagwira manambala osaoneka bwino. Siingagwire nambala yooneka bwino koma yabodza, ndipo zoterezi zimachokera ku mashiti a `Zolowa` ndi `Zotuluka`. Kolamu E imasonkhanitsa zotuluka motere:

```
=SUMIF(Zotuluka!B:B,A2,Zotuluka!C:C)
```

Imafufuza khodi ya mu A2 m'kolamu B ya shiti inayo, n'kuphatikiza manambala a m'kolamu C pa mizere imene khodi yafanana. Khodi ikalembedwa `BB01` kuno koma uko `BBO1`, ndi chilembo O m'malo mwa ziro, kapena ikakhala ndi mpata kumapeto, malonda amenewo sawerengedwa. Palibe uthenga wa vuto. E imangokhala yochepa, F imakhala yokwera kuposa za pa shelefu, ndipo chenjezo limachedwa. N'chimodzimodzi mukalemba `6 pcs` m'malo mwa `6`: `SUMIF` imangodumpha seloyo mwakachetechete.

Pali maselo awiri olondera zimenezi, L1 ndi L2, ndipo onse ayenera kuonetsa 0:

```
=SUM(E:E)-SUM(Zotuluka!C:C)
=COUNTA(Zotuluka!C2:C5000)-COUNT(Zotuluka!C2:C5000)
```

Yoyamba ikuyerekeza zotuluka zonse zimene zafika pa `Stoko` ndi zonse zolembedwa pa `Zotuluka`. Ikaonetsa -6, pali mzere wa zinthu 6 umene khodi yake sinapeze mwini. Ikaonetsa nambala yoposa 0, ndiye kuti khodi ina ili pa mizere iwiri ya `Stoko` ndipo malonda ake akuwerengedwa kawiri. Yachiwiri ikuwerenga maselo amene ali ndi kanthu koma kanthuko si nambala. Pangani ena awiri otere a `Zolowa` mu L3 ndi L4, posintha E kukhala D ndi dzina la shiti.

Vuto la makatoni maselo amenewa sangaligwire, ndiye lili kwa inu. Invoisi ya wotigulitsa imalemba makatoni 10, ife timagulitsa limodzilimodzi. Mukalemba 10 pa `Zolowa` m'malo mwa 120, F ikhala 19 ndipo H ikuwa ODANI shelefu ili yodzaza. Pa mzere uliwonse, C, D, E, G ndi I zikhale mu muyeso umene timagulitsira. Waya wogulitsa pa mita alembedwe m'mamita, ngakhale amabwera m'mipukutu.

Mukawerenga pa shelefu n'kupeza mababu 36 pamene F ikuti 39, musalembe 36 mu F. Mukatero mwapha fomula ya mzerewo, ndipo 36 ameneyo sadzasunthanso kaya tigulitse bwanji. Lembani 3 pa `Zotuluka`, pambali pake mulembe chifukwa, kaya osweka kapena osowa. Kuti muone ngati pali fomula imene inafafanizidwa ndi nambala, pitani ku `Formulas` mudine `Show Formulas`. Makolamu D, E, F ndi H aonetse mafomula kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo nambala yokhala payokha pakati pawo idzaonekera poyera. Dinaninso pomwepo kuti shiti ibwerere mwakale.

Nthawi zina mulowetsa malonda koma F ndi H osagwedezeka pa mizere yonse. Apo fomula sinawonongeke. Pitani ku `Formulas`, `Calculation Options`, muone ngati pasankhidwa `Manual`, mubwezere pa `Automatic`.

Chachisanu ndi chitatu: iyeseni musanaikhulupirire

Chitani izi lero, ndiponso nthawi iliyonse imene wina wakhudza kolamu H. Pa mzere woyamba wopanda kanthu lembani khodi `YESA`, mu C lembani 10, mu G musalembe kanthu. H ilembe ONANI. Lembani 10 mu G, ilembe ZILIPO. Sinthani G ikhale 11, ilembe ODANI ndipo mzere ufiire. Lembani 5 mu I, ilembe ZIKUBWERA. Fufutani I, mulembe `'11` mu G ndi kachizindikiro kaja kutsogolo, ibwerere ku ONANI. Pomaliza bwezerani 11 weniweni mu G, mu C mulembe -1, ikhalebe ONANI. Mayankho onse asanu ndi limodzi akatuluka motero, fufutani zimene mwalemba mu A, C ndi G, mafomula muwasiye. Limodzi likasiyana, musakonze mongoyerekeza: koperani H2 n'kuimata pa kolamu yonse, muyesenso.

Madzulo aliwonse mukatha kulowetsa malonda, yambani ndi L1 mpaka L4, muone kuti onse ali pa 0. Kenako ikani `Filter` pa mzere wa mitu, pa H musankhe ONANI, mukonze mizere imeneyo kaye, chifukwa pakati pake pangabisale katundu wofunika kuoda. Mukatero sankhani ODANI, munditumizire khodi, dzina, zotsala ndi mlingo wa mzere uliwonse, pamodzi ndi mizere ya ZIKUBWERA imene tsiku lake lapitirira. Ndikakuyankhani kuti ndaoda zingati, lembani nambalayo mu I ndi tsiku mu J nthawi yomweyo, ndipo muchotse `Filter` musanasunge fayilo, kuti wotsegula mawa apeze mizere yonse ikuoneka.

Ndatha ine,
Mwini shopu